Tchati cha mzere kapena cha mizati: musankhe chiti poonetsa malonda a mwezi ndi mwezi?

Chaka chikatha, mlembi wa gulu amaimirira pa msonkhano ndi kuwerenga zomwe zagulitsidwa mwezi uliwonse. Akamafika pa Juni, anthu ambiri amakhala ataiwala kale nambala ya Januwale. Komatu pa msonkhano womwewo m'pamene gulu limagwirizana zotenga ngongole, zosunga chakudya cha ziweto kapena zolonjeza wogula kuchuluka kwa katundu. Kujambula manambalawo pa pepala lalikulu kumathandiza kuti aliyense aone chaka chonse nthawi imodzi, ngakhale amene sadziwa kuwerenga bwino.

Pali matchati awiri omwe mungajambule. Tchati cha mizati chimakhala ndi mzati umodzi pa mwezi uliwonse, ndipo kutalika kwa mzatiwo ndiye kuchuluka kwa zomwe munagulitsa. Tchati cha mzere chimakhala ndi kadontho kamodzi pa mwezi uliwonse, ndipo timadonthoto timalumikizidwa ndi mzere. Manambala ndi omwewo, koma diso limaona zosiyana. Tsambali likuthandizani kusankha choyenera, potengera chitsanzo cha alimi a ng'ombe za mkaka ozungulira mzinda wa Mzuzu.

Yambani ndi funso, osati ndi tchati

Musanagwire lula ndi pensulo, lembani funso limodzi lomwe mukufuna kuti msonkhano uyankhe. Mafunso okhudza malonda a pamwezi ali m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi la mafunso a kayendedwe: kodi malonda athu akukwera kapena akutsika? Amayamba kutsika mwezi uti? Amatsika pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi? Mafunso otere amayankhidwa ndi mzere, chifukwa diso limatsata mzere monga momwe limatsatira msewu wokwera ndi kutsika phiri.

Gulu lachiwiri ndi la mafunso a kuchuluka: mwezi uti tinagulitsa zambiri? Okutobala anachepa bwanji poyerekeza ndi Malichi? Ndi miyezi ingati yomwe sitinafike pa mlingo womwe tinalonjeza? Mafunso otere amayankhidwa ndi mizati, chifukwa diso limayerekeza kutalika monga momwe mumayerekezera milu ya matumba yoimikidwa pamodzi.

Kusiyana kumeneku n'kwakale. Matchati onse awiri anafalitsidwa ndi William Playfair wa ku Scotland m'buku lake la mu 1786. Malonda a dziko la England, omwe anali ndi manambala ake a zaka zambiri zotsatizana, anawajambula ndi mizere. Koma za malonda a Scotland anali ndi manambala a chaka chimodzi chokha, ogawidwa potengera mayiko 17 omwe Scotland inkachita nawo malonda. Panalibe nthawi yoti mzere utsate, choncho anajambula mizati. Lamulo lake likadali lomwelo mpaka lero.

Chitsanzo: mkaka wa gulu lina kufupi ndi Mzuzu

M'madera ozungulira Mzuzu monga Lusangazi, Doroba ndi Kavuzi, alimi a ng'ombe za mkaka amasonkhanitsa mkaka wawo m'magulu, ndipo magulu a m'chigawo cha kumpoto ali ndi bungwe lawo la Mpoto Dairy Farmers Association. Tiyerekeze kuti inu ndinu mlembi wa kagulu kena kotere. Manambala ali m'munsiwa ndi ongophunzirirapo, si a gulu lenileni, koma akutsata zomwe alimi a mkaka amazidziwa: mkaka umachuluka msipu ukakhala wobiriwira ndipo umachepa m'chilimwe.

| Mwezi | Malita ogulitsidwa | Masiku | Malita pa tsiku |
|---|---|---|---|
| Januwale | 3,100 | 31 | 100 |
| Febuluwale | 2,940 | 28 | 105 |
| Malichi | 3,410 | 31 | 110 |
| Epulo | 3,300 | 30 | 110 |
| Meyi | 3,100 | 31 | 100 |
| Juni | 2,850 | 30 | 95 |
| Julayi | 2,790 | 31 | 90 |
| Ogasiti | 2,480 | 31 | 80 |
| Sepitembala | 2,100 | 30 | 70 |
| Okutobala | 1,860 | 31 | 60 |
| Novembala | 1,950 | 30 | 65 |
| Disembala | 2,635 | 31 | 85 |

Gulu lanu lili ndi nkhani ziwiri zoti likambirane. Tiyeni tione tchati choyenera pa nkhani iliyonse.

Nkhani yoyamba: wogula akufuna malita 2,500 mwezi uliwonse

Wogula wina wa m'tauni wanena kuti adzakupatsani mtengo wabwino mukalonjeza kumubweretsera malita osachepera 2,500 mwezi uliwonse. Mamembala ena akuti musaine, poti chaka chonse munagulitsa malita 32,515, omwe mukawagawa ndi miyezi 12 akupitirira 2,700 pa mwezi.

Funso apa ndi la kuchuluka: ndi miyezi iti yomwe inafika pa 2,500, ndipo yomwe sinafike inaperewera ndi malita angati? Jambulani mizati. Mukatha, kokani chingwe chimodzi chogona chodutsa pepala lonse pa nambala ya 2,500, makamaka ndi cholembera cha mtundu wina.

Aliyense adzaona msanga kuti mizati isanu ndi itatu yapyola chingwecho, koma inayi yatsalira pansi. Ogasiti waperewera ndi malita 20 okha, Sepitembala ndi 400, Okutobala ndi 640, Novembala ndi 550. Mpata wa pakati pa nsonga ya mzati ndi chingwe ndiwo mkaka womwe mukanalephera kupereka. Pamenepa gulu likhoza kupita kwa wogula ndi mawu omveka: malita 2,500 tikwanitsa kuyambira Disembala mpaka Julayi, koma miyezi inayi yotsalayo tingalonjeze 1,800 basi.

Mzere ukhozanso kuonetsa kuti pena munatsika pansi pa 2,500, koma kuwerenga miyezi umodzi umodzi pa mzere n'kovuta kwa munthu wokhala kumbuyo. Mizati amatha kuiwerenga ndi chala.

Nkhani yachiwiri: tiyambe liti kudyetsa chakudya chosunga?

Mukafunsa mamembala kuti mkaka umachepa liti, ambiri adzati Okutobala, chifukwa ndi mwezi womwe thumba limapepuka kwambiri. Tchati cha mizati chidzavomereza zomwezo, poti diso limathamangira pa mzati waufupi kuposa yonse.

Koma funso lanu tsopano si loti mwezi woipitsitsa ndi uti. Funso ndi loti kutsika kumayamba liti, ndipo kumafulumira pati. Ili ndi funso la kayendedwe, choncho jambulani mzere.

Mzerewo udzaonetsa kuti mkaka unafika pamwamba mu Malichi ndi Epulo, ndipo unayamba kutsetsereka mu Meyi. Pakati pa Juni ndi Julayi mzere ukukhala ngati wagona. Kuchokera Julayi kufika Sepitembala ukutsika mwamphamvu: malita 310 mwezi umodzi, 380 mwezi wotsatira. Okutobala ndi pansi pa chigwa chabe. Amene amadikira Okutobala kuti ayambe kuwonjezera chakudya amakhala atachedwa ndi miyezi itatu.

Phunziro lake kwa gulu ndi lakuti udzu wouma, mapesi, masangwi a mtedza ndi madeya zikhale zitasonkhanitsidwa pofika Juni, kuti ng'ombe ziyambe kulandira chakudya chowonjezera mzere usanayambe kugwa. Kutsetsereka kwa mzere ndiko kwakuuzani zimenezi.

Kumbukirani kuti tchati chimangoonetsa zomwe zinachitika, sichinena chifukwa chake. Mkaka ukhozanso kuchepa chifukwa ng'ombe zingapo zasiya kukamidwa poyembekezera kubereka, kapena chifukwa cha matenda. Mukaona pomwe mzere wagwa, bwererani m'kaundula wa ziweto ndipo mukambirane ndi alangizi musanagamule.

Kajambulidwe kake

Gwiritsani ntchito kope la masamu la timabokosi, kenako mukopere pa pepala lalikulu kapena pa bolodi.

1. M'mphepete mwa pansi lembani miyezi yonse 12 motsatana, kuyambira kumanzere. Mwezi uliwonse upatseni malo ofanana, monga timabokosi tiwiri.
2. M'mphepete mwa kumanzere lembani malita kuchokera pansi kupita m'mwamba. Sankhani mlingo umodzi ndipo musausinthe pakati. Pa chitsanzo chathu, kabokosi kamodzi kakhale malita 200. Nambala yaikulu ndi 3,410, choncho timabokosi 18 tikwanira.
3. Kuti mudziwe kutalika kwa mwezi uliwonse, gawani malita ndi 200. Januwale ndi timabokosi 15 ndi theka, Malichi 17, Sepitembala 10 ndi theka.
4. Ngati ndi mizati, ikhale yonenepa mofanana, ndipo pakati pake musiye kampata. Lembani nambala pamwamba pa mzati uliwonse.
5. Ngati ndi mzere, ikani kadontho kooneka bwino pa mwezi uliwonse, kenako lumikizani ndi lula. Musapinde mzere kuti ukongole.
6. Pamwamba lembani mutu wonena chomwe chayezedwa ndi chaka chake, monga "Malita a mkaka ogulitsidwa mwezi uliwonse".

Mizati iyambire pa 0 nthawi zonse

Ichi ndi cholakwika chomwe chimasocheretsa anthu kwambiri. Pofuna kusunga pepala, ena amayambira manambala a kumanzere pakati, monga pa 1,500 m'malo mwa 0.

Onani zomwe zimachitika. Malichi ndi malita 3,410, Okutobala ndi 1,860. Ndiye kuti Okutobala munagulitsa kupitirira pang'ono theka la Malichi, ndipo mizati yoyambira pa 0 idzaonetsa zomwezo. Mukayambira pa 1,500, mzati wa Malichi udzaimira 1,910 yokha ndipo wa Okutobala 360 yokha. Wa Malichi udzaoneka wotalika kasanu kuposa wa Okutobala. Manambala olembedwa adzakhala olondola, koma chithunzi chidzanama, ndipo anthu amakhulupirira chithunzi.

Mzere ulibe vuto lalikulu chotere, chifukwa pa mzere munthu amayang'ana kukwera ndi kutsika, osati kutalika kuchokera pansi. Ngati malonda anu amasintha pang'ono chabe, monga pakati pa 2,800 ndi 3,100, mizati yonse idzaoneka ngati yofanana. Pamenepo mzere woyambira pa 2,500 ungaonetse bwino kusinthako. Koma lembani nambala yoyambirayo mooneka ndipo muuze anthu pakamwa kuti tchatichi sichinayambire pa 0.

Mukapatsidwa tchati ndi wina aliyense, kaya wogula kapena wogulitsa zipangizo, yambani mwayang'ana nambala ya pansi penipeni kumanzere.

Mwezi womwe simunalembe si mwezi womwe simunagulitse

Tiyerekeze kuti mu Sepitembala mlembi anadwala ndipo palibe amene analemba m'kaundula. Mkaka unagulitsidwa, koma nambala palibe. Pali njira zitatu zolakwika zomwe anthu amatsata.

Ena amalemba 0. Tchati chimanena kuti gulu silinagulitse kanthu, ndipo wa ngongole akachiona adzaganiza kuti bizinesi inaima. Ena amalumikiza Ogasiti ndi Okutobala ndi mzere wowongoka. Mzerewo umadutsa pa Sepitembala cha pa malita 2,170, nambala yomwe palibe amene anaiyeza. Ena amangochotsa Sepitembala n'kuika Okutobala pafupi ndi Ogasiti, ndipo kutsika kwa miyezi iwiri kumaoneka ngati kwa mwezi umodzi.

Choyenera ndi kusiya malo a Sepitembala opanda kanthu ndi kulembapo kuti "sitinalembe". Ngati ndi mzere, udukire pa Ogasiti ndi kuyambiranso pa Okutobala. Lembani 0 pokhapokha ngati simunagulitsedi kanthu, monga mlimi wa tomato m'miyezi yomwe kudimba kulibe zokolola.

Apa mupezapo lamulo lina losankhira. Ngati m'kaundula mwanu mukusowa miyezi itatu kapena kuposerapo, kapena mumagulitsa miyezi yochepa pa chaka monga alimi a khofi ndi fodya, jambulani mizati. Mzati uliwonse umadziimira pawokha, pomwe mzere umafuna miyezi yotsatizana yopanda mipata.

Miyezi siifanana kutalika

Yang'ananinso pa manambala aja. Januwale ndi malita 3,100, Febuluwale ndi 2,940. Pa tchati chilichonse Febuluwale adzaoneka kuti watsika ndi malita 160, ndipo wina akhoza kuyamba kuloza chala anzake kuti akugulitsa mkaka kumbali. Koma Febuluwale ali ndi masiku 28 okha. Mukagawa ndi masiku, Januwale ndi malita 100 pa tsiku, Febuluwale ndi 105. Mkaka unakwera. N'chimodzimodzi Malichi ndi Epulo: 3,410 ndi 3,300 akuoneka osiyana, koma onse ndi malita 110 pa tsiku.

Choncho pa zinthu zogulitsidwa tsiku ndi tsiku monga mkaka ndi mazira, tchati cha mzere chimanena zoona kwambiri mukajambula malita a pa tsiku. Koma pa nkhani ya wogula wofuna malita 2,500 pa mwezi, jambulani mizati ya malita a mwezi wonse, chifukwa ndi zomwe munapangana.

Makwacha kapena malita?

Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu zambiri inakwera. Nthawi ngati imeneyo tchati cha ndalama chikhoza kukunamizani.

Tiyerekeze kuti mwezi wina munagulitsa malita 3,000 pa K500, n'kupeza K1,500,000. Patapita miyezi ingapo mwagulitsa malita 2,400 pa K700, n'kupeza K1,680,000. Mzere wa ndalama ukukwera, anthu akuomba m'manja, chikhalirecho mkaka wachepa ndi malita 600 ndipo madeya ndi mankhwala zakwera mtengo.

Mukafuna kudziwa ngati ulimi ukuyenda bwino, jambulani malita, makilogalamu kapena mathileyi. Mukafuna kudziwa ngati mungathe kubweza ngongole mwezi uliwonse, jambulani mizati ya makwacha otsala mutachotsa zomwe munawononga, ndipo mukoke chingwe chogona pa ndalama yomwe muyenera kubweza pa mwezi. Musasakanize makwacha ndi malita pa tchati chimodzi. Jambulani ziwiri, china pamwamba china pansi, miyezi yake ikhale yoyang'anizana.

Poyerekeza zaka ziwiri, ndi poyerekeza mbewu

Mukafuna kuona ngati chakudya chosunga chathandiza, mudzafunika kuyerekeza chaka chino ndi chatha. Mizati idzakhala 24, yothithikana, ndipo diso lidzatopa. Mizere iwiri pa pepala limodzi imaoneka bwino: wina wakuda, wina wofiira, kapena wina wodukizadukiza ngati muli ndi cholembera chimodzi. Lembani chaka kumapeto kwa mzere uliwonse. Ngati chigwa cha Sepitembala ndi Okutobala chachepa kuya, ndiye kuti pali kusintha. Musapyole mizere itatu pa pepala limodzi.

Koma ngati pansi pa tchati simunalembe miyezi, musajambule mzere. Mlimi wogulitsa ndiwo zamasamba ku msika wa Zigwagwa akafuna kuyerekeza ndalama za tomato, kabichi ndi anyezi za mwezi umodzi, ajambule mizati itatu, kuyambira wautali kutsirizira waufupi. Mzere wochoka pa tomato kupita pa kabichi ulibe tanthauzo, chifukwa tomato sasanduka kabichi monga momwe Meyi amalowera mu Juni.

Ngati muli ndi kompyuta

Mu Excel, lembani miyezi mu mndandanda A, malita mu B, masiku mu C, kuyambira pa mzere wachiwiri. Kuti mupeze malita a pa tsiku, lembani izi mu D2 ndi kukopera mpaka pansi:

```
=B2/C2
```

Sankhani miyezi ndi manambala omwe mukufuna, kenako pitani pa Insert. Mizati yoima imatchedwa Column, pomwe Bar ndi mizati yogona. Pa miyezi sankhani Clustered Column kapena Line with Markers. Pewani za 3-D, chifukwa zimabisa pomwe nsonga ya mzati yathera. Mwezi womwe simunalembe usiyeni wopanda kanthu mu B, musalembe 0, ndipo mufufutenso zomwe zili mu D pa mwezi umenewo chifukwa pamenepo Excel idzaonetsa 0. Manambala akakhala oyandikana kwambiri, Excel imatha kuyambira yokha pakati osati pa 0. Zikatero pa tchati cha mizati, pitani pa Format Axis ndi kulemba 0 pa Minimum.

Musanapachike tchati chanu

Onetsani tchaticho kwa membala mmodzi amene sanaone manambala, ataima patali ngati pomwe anthu adzakhale, ndipo mumufunse funso lomwe munalemba poyamba lija. Akayankha molondola mosachedwa, mwasankha bwino. Akayamba kufunsa kuti ayang'ane pati, jambulani cha mtundu winawo.

Mwachidule:

- Funso la "zikuyenda bwanji" kapena "zinayamba liti", pomwe miyezi yonse inalembedwa: mzere.
- Funso la "zingati" kapena "tinafika pa mlingo kodi": mizati yoyambira pa 0.
- Miyezi ingapo ikusowa, kapena mumagulitsa pa nyengo yokha: mizati.
- Zaka ziwiri kapena zitatu pamodzi: mizere.
- Mbewu, misika kapena mamembala poyerekezana: mizati.

Ngati msonkhano uli ndi mafunso awiri, monga gulu la mkaka lija, jambulani matchati awiri ndipo muonetse chimodzi chimodzi, chilichonse pa nkhani yake.